Ndinasiya jakisoni wolera, koma mimba ikuchedwa: kodi mapiritsi akanakhala bwino?

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 29 ndipo ndili ndi mwana mmodzi wa zaka zinayi. Ndakhala ndikubayitsa Depo chibadwire mwanayo. Jakisoni womaliza ndinabayitsa pa 10 Januwale, sindinapitenso chifukwa ine ndi amuna anga tikufuna mwana wachiwiri. Pano tili mu Seputembala, msambo sunabwere, mimba palibe. Mng'ono wanga ankamwa mapiritsi, atangosiya anaima pasanathe miyezi iwiri. Kodi jakisoniyu wanditseka? Nanga ndidikire mpaka liti?

Yankho: Mayi, jakisoni satseka munthu. Amachedwetsa, ndipo kuchedwa kwanuku kudakali m'malire a zimene zimachitikira amayi ambiri osiya Depo. Koma musanapitirize kuwerenga, ngati simunayezetse mimba mwezi uno, yezetsani. Ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Tiyambe ndi kawerengedwe ka miyezi, chifukwa apa ndi pamene mitima ya amayi ambiri imathyokera pachabe. Mumtima mwanu mukuti munasiya kulera mu Januwale, choncho mwadikira miyezi isanu ndi itatu. Thupi lanu silikuwerenga choncho. Pa 10 Januwale simunasiye kulera, munalandira mankhwala athunthu, mamiligalamu 150, opangidwira kuti akutetezeni masabata 13. Masabata amenewo anatha cha pa 11 Epulo. Ndiponso mphamvu yake siithera pa tsiku lenilenilo: Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalola mayi amene wachedwa ndi masabata anayi kubayitsanso popanda kuda nkhawa kuti waima, chifukwa mwayi woima m'masabata amenewo umakhala wochepa kwambiri. Izi zikutifikitsa cha pa 9 Meyi. Ndiye mwa miyezi isanu ndi itatu mukuwerengayo, inayi yoyambirira munali mukulera ndithu ngakhale simunapondeko kuchipatala. Nthawi imene tinganene kuti mwadikiradi ndi miyezi inayi yotsalayo.

Chimene chimasiyanitsa jakisoni ndi mapiritsi si ukali wa mankhwala ayi. Zonse ziwiri zimagwira ntchito mofanana ndithu: zimauza ubongo kuti usatumize uthenga woti dzira likhwime ndi kutuluka, zimalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu ya abambo ivutike kudutsa, komanso zimachepetsa kukhuthala kwa khoma la m'kati mwa chiberekero. Kusiyana kuli pa momwe mankhwalawo amalowera ndi kutuluka m'thupi.

Piritsi mumameza, limalowa m'magazi, chiwindi chimaliphwanya, ndipo pakatha masiku owerengeka mahomoni ake amakhala atatha m'thupi. N'chifukwa chake limamwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake mayi woiwala mapiritsi masiku atatu otsatizana amauzidwa kuti agwiritse ntchito kondomu. Mapiritsi ena, a homoni imodzi aja amene amapatsidwa kawirikawiri kwa amayi oyamwitsa, ngovuta kuposa apo: mitundu yakale ya mapiritsiwa ukachedwa kumwa ndi maola atatu okha, chitetezo chayamba kale kufooka. Chinthu chimene chimasiya kuteteza mofulumira chonchi sichingachedwetse munthu akachisiya mwadala.

Depo ndi madzi oyera ngati mkaka amene muli timiyala tating'onoting'ono ta mankhwala, tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake namwino amakhutchumula kabotolo asanakoke. Akakubayani, timiyalato timakhala mumnofu momwemo, pamkono kapena pathako, n'kumasungunuka pang'onopang'ono kulowa m'magazi, monga momwe sopo wamtanda amatherera m'madzi pamene wa ufa wasungunuka kalekale. Piritsi mungathe kungolisiya, lupu kapena kachipangizo ka pamkono adokotala angathe kuchotsa, koma mankhwala amene ali mumnofu palibe amene angawatulutse. Amatha okha, pa liwiro lawo.

Liwirolo timalidziwa mongoyerekeza. Pa masiku 50 alionse, mankhwala amene ali m'magazi amatsika ndi theka. Pakatha masiku 50 patsala theka, pa masiku 100 patsala gawo limodzi mwa magawo anayi, pa masiku 150 gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, ndipo amapitirira kuchepa choncho. Vuto ndi lakuti ubongo sufuna mankhwala ambiri kuti ukhalebe chete. Kanyenyeswa kakang'ono kotsalako n'kokwanira kuletsa dzira, ndipo dzira loyamba limatuluka pokhapokha mankhwala atatsika pafupifupi kutheratu. Mwa amayi ambiri, mankhwalawa amasiya kupezeka m'magazi pakati pa masiku 120 ndi 200 chibayireni, ndipo mwa ena amachedwerapo. Inu mwadutsa masiku 200 aja chakumapeto kwa Julayi. Kunena zoona, thupi lanu langoyamba kumene kudzuka, kapena lili pafupi kutero.

Nanga mimbayo imabwera liti? Pa avereji, amayi osiya Depo amaima patapita miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza. Kwa inu mwezi umenewo ndi Novembala, ndiye simunafike n'komwe pamene theka la anzanu amakhala ataima. Kampani yopanga mankhwalawa, pa chikalata chimene chimabwera nawo, imanena kuti mwa amayi amene anadzatenga mimba atasiya, 68 mwa 100 anaima mkati mwa miyezi 12, ndipo 93 mwa 100 mkati mwa miyezi 18, kuwerengera kuchokera pa jakisoni womaliza. Ofulumira kwambiri anaima pa miyezi inayi, ochedwetsetsa anapitirira zaka ziwiri. Tikaika pa kalendala yanu, miyezi 12 ikwana mu Januwale akubwerayu, miyezi 18 mu Julayi chaka chamawa.

Mwina mukuganiza kuti zaka zinayi munabayitsazo zaunjika mankhwala m'thupi. Ayi. Kutalika kwa nthawi imene mayi wakhala pa jakisoni sikusintha nthawi yodikira. Wobayitsa kamodzi ndi wobayitsa zaka zisanu amadikira mofanana, chifukwa chimene chikuchedwetsa ndi jakisoni womaliza uja, akale aja anatha kale. Chimene chimaoneka kuti chimasinthako zinthu ndi kulemera kwa thupi: amayi onenepa amakonda kuchedwerapo poyerekeza ndi ochepa thupi. Ngati munkalandira Depo wa kasingano kakang'ono uja wobaya pansi pa khungu, wotchedwa Sayana, musaganize kuti chifukwa mankhwala ake ndi ochepa, mamiligalamu 104, ndiye amatha msanga. Kudikira kwake n'kofanana. Amene amasiyana ndi jakisoni wa miyezi iwiri, amene pa avereji mimba imabwera patapita miyezi isanu ndi umodzi.

Tsopano za mng'ono wanu. Mayi akameza piritsi lomaliza la mahomoni, patapita masiku awiri kapena anayi amaona magazi. Magazi amenewa si msambo weniweni, ndi khoma la chiberekero limene likugwa chifukwa mahomoni a piritsi achoka, monga zimachitikira sabata yomaliza ya paketi iliyonse. Nthawi yomweyo ubongo umayambiranso kutumiza uthenga, ndipo dzira loyamba lingathe kutuluka patangopita masabata awiri kapena atatu. Choncho kuima m'mwezi woyamba kapena wachiwiri n'kotheka ndithu. Komabe mng'ono wanuyo anachitanso mwayi. Ngakhale banja lathanzi, lachinyamata, losalera konse, mwezi uliwonse limakhala ndi mwayi pafupifupi umodzi mwa inayi kapena isanu, ndipo amayi ena osiya mapiritsi msambo wawo umasokonekera miyezi iwiri kapena itatu usanakhazikike. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2020, wa amayi pafupifupi 18,000 a ku Denmark ndi kumpoto kwa America, anapeza kuti osiya mapiritsi amabwerera mwakale patatha misambo pafupifupi itatu, pamene osiya jakisoni zimawatengera misambo isanu mpaka isanu ndi itatu. Pakatha chaka, amayi pafupifupi 8 mwa 10 osiya mapiritsi amakhala ataima, chimodzimodzi amene sankalera. Osiya jakisoni amakhala akutsalira pa chaka choyambacho, koma pofika zaka ziwiri kusiyana kumakhala kutachepa kwambiri. Choncho musadziyeze ndi mng'ono wanu mwezi ndi mwezi, simunayambire pamodzi.

Za msambo wosabwerawu ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi umene umaopsa amayi kuposa kuchedwa kwa mimba. Pafupifupi theka la amayi obayitsa Depo amasiya kusamba pakatha chaka, ndipo akamapitiriza chiwerengerocho chimakwera. Anthu amati magaziwo akuunjikana m'mimba, adzapanga chotupa kapena adzaola. Palibe magazi amene akuunjikana. Msambo ndi khoma la m'kati mwa chiberekero limene limakhuthala mwezi uliwonse kukonzekera mimba, n'kugwa mimba ikapanda kubwera. Pa Depo khomalo silikhuthala, limakhala lopyapyala, ndiye palibe choti chigwe. Mankhwala akatha, mabasiketi a mazira amayambiranso kutulutsa mahomoni awo, khoma limayambanso kukula, ndipo msambo umabwerera.

Koma dongosolo lake nali, ndipo ndi chifukwa chake ndinati muyezetse: dzira limatuluka kaye, msambo umabwera pambuyo pake patapita masiku pafupifupi 14. Ngati dzira lanu loyamba lakumana ndi mbewu ya amuna anu, msambo umene mukuudikirawo sudzabwera n'komwe. Alipo amayi amene amakhala akudandaula kuti jakisoni wawatseka pamene ali kale ndi mimba ya miyezi itatu, ndipo amachedwa kuyamba sikelo. Malinga ngati simukusamba ndipo mukugonana mosadziteteza, yezani mkodzo mwezi uliwonse, makamaka wam'mawa mukangodzuka. Yezaninso mukamva nseru, mawere akamalemera, kapena mukamatopa mosadziwika bwino.

Thupi likamadzuka limapereka zizindikiro, ngakhale poyamba zimakhala zosokonekera. Mwina muona timadontho ta magazi, kapena magazi oderako a masiku angapo, kenako zii kwa masabata asanu ndi limodzi, kenako ambiri. Magazi oyambirirawa nthawi zina amabwera dzira lisanayambe kutuluka, ndiye si umboni wokwanira. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi chikazi. Pa Depo kumakhala kouma kapena chikazi chimakhala chochepa, cholimba, chomata. Dzira likayandikira chimachuluka, chimakhala choyera moonekera, choterera, ndipo mukachigwira pakati pa zala ziwiri chimatamuka osaduka msanga. Masiku amenewo ndi amene mwayi uli waukulu. Msambo ukayamba kubwera motsatizana bwino, kutalikirana masiku apakati pa 21 ndi 35, nthawi zambiri ndiye kuti mazira akutuluka. Pofuna kutsimikiza, adokotala angayeze homoni ya pulojesiteroni m'magazi kutatsala sabata imodzi kuti msambo ubwere. Pakadali pano simungawerenge masiku popeza mulibe poyambira, ndiye chosavuta n'kukhalira limodzi ndi amuna anu masiku awiri kapena atatu alionse. Mbewu ya abambo imatha kukhala yamoyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku asanu, choncho dzira likatuluka mosayembekezera liipeza ilipo.

Mudzamva za mankhwala otsuka chiberekero kapena ochotsa jakisoni m'thupi. Musawononge ndalama. Mankhwala otsalawo sali m'chiberekero, ndipo palibe chakumwa kapena choika kumaliseche chimene chingawafulumizitse. Zina mwa zoikazo zimatupitsa ndi kuyambitsa matenda, ndipo zakumwazo zingavulaze mimba imene simukudziwa kuti muli nayo. Ena amapatsidwa paketi ya mapiritsi olera kuti msambo ubwere. Magazi amabweradi, mtima n'kukhala pansi, koma magaziwo ndi a piritsi, si umboni woti dzira latuluka, ndipo mwezi umenewo mumakhala mukulera. Kwa mayi wofuna mimba ndimaona kuti n'kutaya mwezi, pokhapokha adokotala atakhala ndi chifukwa china, monga magazi otuluka mosalekeza. Chimene chili chofunika kumwa panopa ndi foliki asidi, mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse. Safulumizitsa mimba, koma amateteza ubongo ndi msana wa mwana, zimene zimaumbika m'masabata anayi oyambirira, nthawi imene mayi wosasamba ngati inu sangadziwe kuti waima. Ndipo musaope kuti tinyenyeswa ta Depo tingapundule mwana, palibe umboni woti zimatero.

Kudikira kuli ndi malire ake. Kwa inu, ngati Januwale afika, miyezi 12 itakwana chibayireni, msambo usanaonekebe ndipo mimba palibe, pitani mukaonedwe. Ngati msambo wabwerera bwino, dzipatseni chaka chimodzi kuchokera pamene wakhazikika musanayambe kufufuza za kusabereka. Mayi wa zaka 35 kapena kuposerapo asadikire chaka, miyezi isanu ndi umodzi yakwana, chifukwa kwa iye nthawi ndi yodula. Wosiya mapiritsi malire ake ndi afupi kwambiri: miyezi itatu osasamba, mimba palibe, akaonedwe, popeza piritsi silingakhale chifukwa cha kuchedwa kotalika choncho.

Mungathe kupita msanga osadikira Januwale ngati musanayambe jakisoni msambo wanu unali wodumphadumpha, kupitirira miyezi iwiri kapena itatu osabwera, ngati mwana woyamba uja munamuvutikira zaka, ngati mawere akutuluka mkaka pamene munaletsa mwana kalekale, ngati mwanenepa kapena kuwonda kwambiri m'nthawi yochepa, kapena ngati munadwalapo matenda opatsirana pogonana, kumva kupweteka m'chinena kosatha, kapena kuchitidwa opaleshoni ya m'mimba. Ndipo tsiku lililonse limene mwayeza n'kupeza mimba, kenako n'kumva ululu waukulu mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi kapena chizungulire, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mimba ikhoza kukhala kuti yakhala m'njira ya dzira.

Ndatchula zimenezi chifukwa njira zolera zimanamiziridwa milandu yambiri imene si yawo. Zimabisa mavuto, sizimawayambitsa. Mayi amene mazira ake ankatuluka mwa apo ndi apo kuyambira kale, akamamwa mapiritsi amaona magazi mwezi uliwonse pa tsiku lake, n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Akasiya, vuto lakale limaonekeranso, iye n'kumati mapiritsi andiwononga. Pa jakisoni n'chimodzimodzi, kusasamba kumaphimba zonse. M'zaka zimene munthu akulera, zinthu zina zimakhala zikuchitika: msinkhu ukukwera, chithokomiro chingayambe kuvuta, ndipo matenda monga chinzonono ndi kalamidiya angathe kutseka njira za mazira mwakachetechete, chifukwa jakisoni ndi mapiritsi siziteteza ku matenda amenewa. Vuto lingakhalenso kwa abambo, ngakhale amene anaberekapo kale. Mukadzapita kukafufuza, pitani awiri. Kuyeza umuna n'kosavuta, n'kosapweteka, ndipo si bwino kuti mayi ayezedwe zonse miyezi yambirimbiri mwamuna asanayezedwe n'kamodzi komwe.

Kodi mukanasankha mapiritsi poyamba? Sindinganene kuti munalakwitsa. Kwa zaka zinayi jakisoni wagwira ntchito imene munamupatsa, ndipo pa moyo wa tsiku ndi tsiku amalephera kochepa poyerekeza ndi mapiritsi, chifukwa kuiwala piritsi n'kosavuta. Chimene chinasowa ndi uphungu wa kasiyidwe. Mayi wa pa Depo amene akudziwa kuti adzafuna mimba chaka chamawa ayenera kusiya jakisoni chaka chino. Tsiku limene amayenera kubayitsanso, ayambe mapiritsi ngati thanzi lake likulola, kapena makondomu, kapena aikitse lupu. Mapiritsiwo sachedwetsa kapena kufulumizitsa kutha kwa Depo, amangomuteteza pamene mankhwala akale akutha okha mumnofu. Pakapita miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chibayireni jakisoni womaliza, akasiya njira yachiwiriyo, amayamba kuyesa thupi lake litamasuka kale. Tiyerekeze mayi wofuna kuima cha mu Disembala: jakisoni wake womaliza akhale wa Januwale kapena Febuluwale, ayambe mapiritsi mu Epulo kapena Meyi, awasiye mu Okutobala kapena Novembala.

Kumbali inayi, mayi amene sakufuna mimba asatenge miyezi 10 ija ngati chitetezo chaulere. Imeneyo ndi avereji chabe, ndipo palibe njira yodziwiratu amene dzira lake lidzatuluke msanga. Masabata 17 akadutsa chibayireni, adzione kuti sakuleranso, ngakhale msambo usanabwere.

Pokonzekera Januwale, yambani lero kulemba m'kabuku kapena pafoni: tsiku lililonse limene mwaona magazi ndi kuchuluka kwake, masiku amene chikazi chinali choterera, ndi masiku amene munayeza mimba pamodzi ndi zotsatira zake. Sungani khadi lanu lakulera losonyeza tsiku la jakisoni womaliza ndi mtundu wake. Ngati mudzafunike kuonedwa, adokotala adzayamba ndi kuyezanso mimba, kenako magazi oona chithokomiro ndi homoni ya mkaka yotchedwa pulolakitini, mwinanso kujambula chiberekero ndi mabasiketi a mazira, ndipo zolemba zanuzo zidzawathandiza kudziwa ngati dzira layamba kale kutuluka kapena ayi.